Polembetsa Ndi Batani, Posiya Ndi Foni

Kwathu kuno kusiya kuwerenga nyuzipepala sikulira chilolezo cha munthu. Ukamudutsa venda pa depoti osapisa m'thumba, nkhani yathera pomwepo, ndipo mawa sakufunsa kuti dzulo unalekeranji. Ku Britain ndi ku Amereka, kumene abale athu ambiri akukhala masiku ano, anthu ochuluka sagula nyuzipepala kapena magazini imodziimodzi. Amalembetsa kuti izibwera pakhomo, ndipo kampani imadzitengera yokha ndalama ku banki mwezi ndi mwezi kapena pa miyezi itatu iliyonse. Kulembetsako kumatha mphindi ziwiri pa intaneti. Tsiku limene munthu wafuna kusiya ndi pamene amapeza kuti batani losiyira palibe, koma pali nambala ya foni ndi maola amene antchito amayankha.

Mtolankhani mnzanga amati ndi ulesi wa makampani osafuna kukonza makompyuta awo. Ine sindivomereza. Kampani imene ikutha kulandira ndalama zako pakati pa usiku popanda wantchito aliyense ingathenso kulandira mawu oti wasiya. Foniyo anaiika dala, ndipo chifukwa chake nchosavuta kuchimva. Wolembetsa mmodzi amabweretsa ndalama kawiri: zimene amalipira yekha, ndi zimene amabwera nazo otsatsa malonda, pakuti mtengo wa tsamba la malonda umatsatira chiwerengero cha makope amene akufika kwa anthu. Ku Britain chiwerengerochi chimatsimikizidwa ndi bungwe la Audit Bureau of Circulations. Choncho aliyense wochoka amaboola thumba malo awiri, ndipo nkotchipa kumugwira amene alipo kale kusiyana ndi kusaka watsopano. Batani silinyengerera munthu, koma wantchito wa pa foni amanyengerera, ndipo ena mwa ofuna kusiya amatopa ndi nyimbo ya pamzere nkudula okha asanalankhule ndi aliyense.

Mchitidwewu unaonekera poyera kalekale pa kampani ina imene sinali ya nyuzipepala. Mu 2005 kampani ya intaneti ya AOL inavomera kulipira boma la New York ndalama zokwana madola 1.25 miliyoni, zitadziwika kuti antchito ake ankalandira mabonasi malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene awabweza mtima, moti ena ankangonyalanyaza pempho loti munthu asiye. Makampani a nyuzipepala ali ndi magulu a antchito a ntchito yomweyo yobweza mitima. Kafukufuku wa American Press Institute wa mu 2021 anapeza kuti mwa makampani ofalitsa nkhani a ku Amereka amene anafunsidwa, 41 pa 100 alionse okha ndiwo ankalola anthu kusiya mosavuta pa intaneti. Izi ndikuzinena kuti amene mukuimba foni mudziwe amene mukulankhula naye. Mtsikana kapena mnyamata wa mbali inayo si mdani wanu. Ali ndi pepala la mawu amene anauzidwa kuti anene, ndipo amayesedwa ndi chiwerengero cha anthu amene sanachoke. Kumukalipira sikufupikitsa pepalalo.

Koma vuto lalikulu la foni si kudikira kapena kunyengereredwa. Vuto ndi lakuti foni sisiya umboni m'manja mwanu. Mukadula, chimene chatsala ndi zimene wantchitoyo walemba mu kompyuta ya kampani, ndipo inu simuziona. Ngati walemba kuti mwapumira kwa mwezi umodzi pamene inu munati mwasiya, mudzadziwira ku banki. Nchifukwa chake ntchito yeniyeni ya tsikulo ndi kusandutsa mawu a pakamwa kukhala cholembedwa.

Kuti izi zimveke, tiyenera kulekanitsa zinthu zitatu zimene anthu amaziona ngati chimodzi. Pali mgwirizano wanu ndi kampani, pali njira imene ndalama zimatulukira ku banki, ndipo pali pepala lenilenilo limene limagwa pakhomo. Chilichonse chili ndi mwini wake ndi nthawi yake. Mukhoza kuimitsa ndalama mgwirizano nkukhala ukadalipo, ndiye kuti mwayamba ngongole. Mukhoza kuthetsa mgwirizano ndalama nkutulukabe, chifukwa lamulo lotenga ndalamazo linali litapita kale ku banki. Mukhozanso kuthetsa zonse ziwiri koma magazini nkumabwerabe kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Madandaulo ambiri amachokera pa kuimitsa chimodzi nkuganiza kuti zonse zaima.

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto, ndipo tichiike ku Britain. Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds. Waona malonda a magazini ya sabata ndi sabata: makope 12 pa mapaundi 12, kenako mapaundi 48 pa masabata 13 alionse, zolipira kudzera mu Direct Debit, imene ndi njira yololeza kampani kutenga ndalama mwachindunji ku akaunti ya ku banki. Walembetsa pa intaneti, ndipo kope loyamba lafika Lachisanu pa 9 Januwale.

Pamenepa mayiyu ali ndi khomo lotsekuka limene anthu ambiri salidziwa. Malamulo a Consumer Contracts Regulations a 2013 amapatsa munthu amene wagula chinthu pa intaneti, pa foni kapena kwa wamalonda wobwera pakhomo masiku 14 oti asinthe maganizo popanda kupereka chifukwa. Nyuzipepala yogula imodzi siili m'gululi, koma yolembetsa ilimo. Pa katundu wobwera mobwerezabwereza, masikuwo amawerengedwa kuchokera tsiku lotsatira limene kope loyamba lafika, ndiye kwa mayi wathu khomoli likutsekeka pa 23 Januwale. Chokoma kwambiri nchakuti m'masiku amenewa kampani ilibe mphamvu yokukakamizani kuimba foni. Lamulo limangofuna mawu omveka bwino osonyeza kuti mwasiya, kaya ndi kalata kaya ndi imelo, bola atumizidwe nthawiyo isanathe. Lamulo lomwelo limati pakabuka mkangano, ndi wogula amene ayenera kusonyeza kuti anasiya pa nthawi yake, ndiye ngakhale foni itakhala yophweka bwanji, apa kulemba nkwabwino kuposa kuimba. Ndipo ngati kampani sinamuuze wogula za ufulu umenewu, nthawiyo imatalika, mpaka kufika chaka chathunthu.

Mayi wathu sanasiye m'masiku 14 amenewo, chifukwa magaziniyo ankaikonda. Mu Malichi ndi pamene waona kuti makope anayi ali pa tebulo osatsekula, ndipo mapaundi 48 akufunika kusukulu ya mwana wa mchemwali wake ku Mulanje. Tsopano chimene chikulamulira ndi mfundo za mgwirizano, ndipo mfundozo zikuti wofuna kusiya aimbe foni.

Funso loyamba si nambala yoimba, koma tsiku. Makope 12 kuyambira pa 9 Januwale akutha pa 27 Malichi, ndipo mayiyu angaganize kuti ali ndi nthawi mpaka tsiku limenelo. Ayi. Makampani amatenga ndalama za gawo lotsatira gawo lakale lisanathe, ndipo tsikulo limalembedwa mu kalata kapena imelo imene inabwera polembetsa, ija anthu sitiiwerenga. Tinene kuti mu imelo yake muli tsiku la Lachisanu pa 20 Malichi. Komanso Direct Debit imayenda masiku atatu a ntchito: kampani imatumiza mndandanda wa oyenera kulipira tsiku loyamba, mabanki amaukonza tsiku lachiwiri, ndalama nkutuluka tsiku lachitatu. Kuti ndalama zituluke Lachisanu pa 20, mndandanda uyenera kukhala utachoka pofika Lachitatu pa 18, ndipo makampani ambiri amaukonza masiku angapo izi zisanachitike. Woimba foni Lachinayi pa 19 angamve wantchito akunena moona mtima kuti zonse zatheka, mawa lake nkupeza ndalama zapita. Palinso makampani amene mfundo zawo zimafuna kuti muwadziwitse masiku angapo, ena mpaka mwezi, tsiku lolipira lisanafike. Mayi wathu wawerenga mfundozo, waona kuti zake zimangofuna kuti aimbe ndalama zisanatengedwe, ndipo wasankha Lolemba pa 9 Malichi.

Asanaimbe, atenga kope limodzi limene likadali m'chikuto chake. Pa kapepala ka adiresi nthawi zambiri pamakhala nambala ya wolembetsa, ndipo nambalayi imafupikitsa foni kuposa china chilichonse, makamaka kwa ife a maina amene mzungu amavutika kuwalemba. Kutchula Chimwemwe kapena Mkandawire chilembo chimodzichimodzi pa foni yosamveka bwino ndi njira yachidule yoti wantchito atsekule akaunti ya munthu wina kapena anene kuti sakukupezani. Ayang'ananso pa sitetimenti ya ku banki kuti aone dzina limene limatenga ndalama. Izi nzofunika chifukwa magazini ambiri amagulitsidwa kudzera m'makampani ena olembetsa anthu, ndipo ngati munalembetsa kwa oterowo, ofalitsa magazini akuuzani kuti mgwirizano suli ndi iwo, mphindi makumi awiri zodikira nkupita pachabe. Pambali aika pepala ndi cholembera, ndipo pamwamba pa pepalalo alembapo tsiku, nthawi ndi nambala imene akuimba.

Za mtengo wa foniyo asade nkhawa kwambiri. Malamulo aja a 2013 amaletsa kampani kugwiritsa ntchito nambala yodula kuposa foni wamba kwa makasitomala amene akuimba za mgwirizano umene ali nawo kale. Nambala zoyamba ndi 0800 nzaulere, ndipo zoyamba ndi 03 zimadya ngati za 01 ndi 02.

Wantchito akayankha, mayiyu afunsa dzina lake nkulilemba. Kenako anena chimene waimbira m'chiganizo chimodzi: akufuna kuthetsa mgwirizano, ndalama zina zisatengedwenso, ndipo akufuna chitsimikizo cholembedwa. Funso loyamba la wantchito likhala lakuti chifukwa chiyani. Apa ndi pamene ulemu wathu umatipweteka. Tinaleredwa kuti munthu akakufunsa bwinobwino umamuyankha mokwanira, ndipo kukana chinthu maso ndi maso timakuzungulira. Koma pa foni iyi chifukwa chilichonse chili ndi yankho lake lokonzeratu. Mukati yakwera mtengo, akutsitsirani. Mukati mulibe nthawi yowerenga, akuuzani kuti mupumire miyezi iwiri. Mukati mukusamuka, akufunsani adiresi yatsopano, ndipo mukati makope amachedwa, akulonjezani kuti alankhula ndi otumiza. Simukakamizidwa kupereka chifukwa. Kungoti mwaganiza kale ndipo mukufuna kuthetsa nkokwanira, ndipo mukhoza kubwereza mawu omwewo mwaulemu katatu osasintha kanthu.

Tinene kuti wantchitoyo wamuuza mayi wathu kuti akhoza kupitiriza pa theka la mtengo, mapaundi 24 pa masabata 13. Sindikunena kuti kuvomera nkulakwa. Alipo anthu amene amaimba dala chaka chilichonse kuti atsitsiridwe mtengo, ndipo zimawayendera. Koma wovomera adziwe kuti walowa mgwirizano wina, ndipo afunse zinthu ziwiri asanati inde: mtengo wotsikawo utha liti ndipo pambuyo pake udzakhala zingati, komanso ngati akumangidwa kukhala kwa nthawi yakutiyakuti. Masabata 13 akatha mtengo umabwerera mwakachetechete pa 48, ndipo foni yomweyi iyenera kuimbidwanso. Kupumira nako ndi chimodzimodzi: makope amaima, mgwirizano ukadali moyo, ndipo tsiku loikika likakwana zonse zimayambiranso popanda wokufunsani.

Mayiyu wakana zonse, wantchito wati chabwino. Foni isadulidwe apa, chifukwa gawo lofunika ndi limene likuyamba. Afunse kuti kope lomaliza lifika liti, ndipo yankho loyenera ndi 27 Malichi, pakuti makope 12 analipira kale. Afunse ngati pali ndalama ina iliyonse imene itengedwe, amve kuti palibe. Apemphe nambala yotsimikizira kuti wasiya, ailembe, aiwerenge mokweza kuti wantchito avomere. Pomaliza apemphe imelo yotsimikizira, ndipo ngati nkotheka adikire pa foni pomwepo mpaka ilowe. Akaitsekula ayang'ane mawu amene alembedwa. Pa imelo kapena pa akaunti ya pa intaneti mawu oyenera kuoneka ndi "cancelled". Akaona "paused", "suspended" kapena "on hold", ndiye kuti wantchito wangomupumitsa, ndipo ndi bwino kukonza pomwepo asanadule.

Tsiku lomwelo alembe kalata yaifupi, ngakhale kampani imati silandira makalata osiyira. Kalatayi sikupempha kusiya, ikungonena zimene zachitika kale: kuti pa 9 Malichi nthawi ya 10:20 m'mawa analankhula ndi wantchito wakutiwakuti, kuti mgwirizano wa nambala yakuti unathetsedwa, kuti nambala yotsimikizira ndi iyi, kope lomaliza ndi la 27 Malichi, ndipo sakulolezanso kutenga ndalama. Aitumize pa imelo ya makasitomala, kapena pa positi ku adiresi ya kampani, imene imapezeka kwaulere m'kaundula wa Companies House. Ku positi ofesi akapempha amapatsidwa kwaulere kapepala kosonyeza kuti watumiza kalata, ndipo wofuna umboni woti yafika amalipira pang'ono kuti wolandira asayinire. Ajambulenso pa foni yake pamene pakuoneka nambala imene anaimba ndi mphindi zimene analankhula. Zonsezi ndi ntchito ya mphindi khumi.

Atatero ndi pamene apita ku banki, kapena kutsekula apu ya banki, nkuletsa Direct Debit. Dongosololi lili ndi chifukwa. Anthu ambiri otopa ndi foni amayambira ku banki, poganiza kuti ndalama zikaima kampani imva yokha. Nthawi zina zimathadi choncho, kampani nkungoleka kutumiza. Koma banki ilibe mphamvu pa mgwirizano wanu. Ngati munalonjeza chaka chathunthu cholipira mwezi ndi mwezi nkuimitsa ndalama pa mwezi wachisanu, miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo kampani ikhoza kuiwerenga ngati ngongole, makalata nkuyamba kubwera, mwinanso nkuipereka kwa otolera ngongole. Kwa munthu amene akuyesetsa kumanga mbiri yabwino ya ngongole m'dziko la eni kuti adzapeze nyumba, sikoyenera kuika zimenezo pachiswe chifukwa cha magazini. Kuletsa ku banki ndi loko wachiwiri, woikidwa mgwirizano utatsekedwa kale.

Nanga pa 20 Malichi mayiyu akapeza kuti mapaundi 48 atuluka? Izi zingachitike ngati anaiwala kuletsa ku banki ndipo wantchito uja sanamalize ntchito yake. Apa Direct Debit ili ndi chitetezo champhamvu chotchedwa Direct Debit Guarantee. Ndalama zikatengedwa molakwika, banki yake yomwe ndiyo iyenera kumubwezera zonse nthawi yomweyo, ndipo banki ndiyo ikalondola kampani. Sayenera kubwerera pamzere wa foni uja kukapempha. Komabe chitetezochi chili ndi mbali ina: wolandira ndalama zimene sanayenera kubwezeredwa ayenera kuzibweza kampani ikafunsa. Ndiye kampani ikanena kuti mayiyu sanaimbe, kapena kuti anavomera mtengo wa theka, nkhani imagona pa pepala lija la dzina, nthawi ndi nambala. Ndipo ngati zafika povuta, ali ndi chida china. Mawu aja amene timamva poyamba, oti foni ikhoza kujambulidwa, amagwiranso ntchito mokomera woimba. Malamulo a ku Britain oteteza zinsinsi za anthu amalola munthu kupempha kampani kuti imupatse zonse zimene ikusunga zokhudza iye, kuphatikizapo mawu ojambulidwa ngati alipo ndi zimene wantchito analemba, ndipo kampani iyenera kuyankha pasanathe mwezi, kawirikawiri popanda malipiro. Pempho lotere limayenda msanga ukatchula tsiku ndi nthawi yeniyeni ya foniyo.

Amene amalipira ndi khadi, osati Direct Debit, chitetezo chija sichiwakhudza, ndipo malipirowo nthawi zambiri saoneka pa mndandanda wa zolipira zokhazikika. Koma malamulo a Payment Services Regulations a 2017 amawapatsa ufulu wouza banki kuti iimitse malipiro obwerezabwereza a pa khadi, bola anene pofika kumapeto kwa tsiku la ntchito limene likutsogolera tsiku lolipira, ndipo banki siyenera kuwabweza kuti akayambe alankhula ndi kampani. Chinthu chimodzi chimene sichithandiza ndi kudikira kuti khadi ithe nthawi yake. Makampani a makhadi ali ndi njira yopatsira amalonda nambala ya khadi yatsopano, ndiye ndalama zimatha kupitiriza kutuluka pa khadi imene simunaiperekepo.

Tsopano pepala lenilenilo. Pa 3 Epulo, sabata imodzi chithere mgwirizano, mwina kope lina ligwa pakhomo. Chimenechi chokha si chizindikiro choti zalephereka. Mndandanda wa maadiresi umapita kosindikiza nthawi isanakwane, ndipo pa magazini ya mwezi ndi mwezi umatha kutsogola ndi masabata angapo. Kope limodzi lotere ndi lotsalira m'njira. Koma likabwera la pa 10 ndi la pa 17 Epulo, pamenepo pali nkhani, ndipo mayiyu asangosangalala kuti akuwerenga zaulere. Ayang'ane ku banki, ayang'ane pa akaunti yake, kenako alembenso kutchula kalata yoyamba ija ndi kunena kuti makope amene akubwera sanawaitanitse. Ku Amereka izi nzofunika kwambiri, chifukwa nyuzipepala zambiri za m'mizinda zimapitiriza kuponya pepala pakhomo nthawi yolipiridwa itatha, kenako nkutumiza bilu ya masabata amenewo, ponena kuti wolembetsa sanaimbe kuti aleke. Kumeneko kungokhala chete osalipira sikutengedwa ngati kusiya.

Ku Britain kulinso kamsampha kena pa nyuzipepala za tsiku ndi tsiku. Anthu ambiri amalipira kampani ya nyuzipepala nkulandira timakuponi, koma wobweretsa pepala m'mawa ndi wa kagolosale ka pafupi, amene amalipiritsa payekha ndalama yobweretsera. Apa migwirizano ndi iwiri. Mukathetsa wa kampani osamuuza wa golosale, iye apitiriza kutuma mnyamata wake wa njinga, ndipo popeza makuponi atha, akulemberani mtengo wonse wa nyuzipepala m'buku lake. Ameneyu safuna foni ya mphindi makumi atatu. Nkungopita, kulipira zotsala, nkumuona akufufuta dzina lanu.

Maboma akhala akulimbana ndi mchitidwe wa foni yokhayu, ndipo zotsatira zake nzosiyanasiyana. Boma la California linalamula kuyambira mu Julayi 2018 kuti wolembetsa pa intaneti athe kusiyanso pa intaneti. Ku Germany, kuyambira pa 1 Julayi 2022, kampani yolembetsa anthu pa intaneti iyenera kuika batani losiyira looneka bwino. Ku Amereka bungwe la Federal Trade Commission linakhazikitsa mu Okutobala 2024 lamulo la dziko lonse loti kusiya kukhale kophweka ngati kulembetsa, koma mu Julayi 2025, kutatsala masiku ochepa kuti liyambe kugwira ntchito mokwanira, khoti la apilo linalithetsa. Silinanene kuti ganizolo ndi loipa, linati bungwelo linadumpha sitepe ina yowunika mmene lamulolo likhudzire chuma. Ku Britain nyumba ya malamulo inavomereza mu 2024 lamulo la Digital Markets, Competition and Consumers Act, limene lili ndi gawo lofuna kuti kusiya kukhale kosavuta, koma pamene chaka cha 2025 chimatha gawo limenelo linali lisanayambe kugwira ntchito. Kwa ine phunziro la mbiri imeneyi ndi lakuti musanaimbe muyambe mwayang'ana pa akaunti yanu ya pa intaneti, chifukwa batani limene kunalibe chaka chatha mwina lilipo tsopano, kapena limaoneka kwa okhala dera lina lokha.

Pali anthu amene foni yokhayi imawatsekera kunja kwenikweni. Munthu wosamva kapena wovutika kulankhula ku Britain akhoza kuimba kudzera mu Relay UK, poyamba ndi 18001 kutsogolo kwa nambala, ndipo lamulo la Equality Act la 2010 limafuna kuti makampani asinthe njira zawo moyenera kwa anthu olumala, ndiye kupempha kusiya mwa kulemba nkomveka. Wofuna kuletsera kholo lokalamba adzapeza kuti wantchito akukana kulankhula ndi munthu amene si mwini akaunti. Njira yachidule ndi kuimba muli limodzi, kholo linene dzina lake ndi kuloleza, kenako mwana apitirize. Mwini akaunti akamwalira, banki ikadziwitsidwa imaimitsa malipiro a pa akaunti ya iye yekha, koma kampani ya magazini iyenera kuuzidwa payokha, ndipo ndi bwino kufunsa ngati ibweza ndalama za makope amene sanatumizidwe.

Otsiriza ndi amene akubwerera kumudzi. Munthu amakumbukira kutseka za magetsi ndi za nyumba, magazini nkuiwala, ndipo amadzaona ali ku Area 25 kuti akaunti imene anaisiya ku Britain ikudonthabe. Nambala za 0800 kawirikawiri sizilowa ukaimba uli kunja kwa dzikolo, ndiye afufuze pa tsamba la kampani nambala ya oimba ali kunja, yoyamba ndi +44, pochotsa 0 woyambirira. Akumbukire kuti nthawi ya ku Malawi imatsogola ndi maola awiri kukakhala kozizira ku Britain, ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, choncho ofesi yotsekula 9 koloko kumeneko imayankha 11 koloko kapena 10 koloko kuno. Mayunitsi akhale okwanira kudikira pamzere, chifukwa foni ikaduka pakati palibe chimene chalembedwa. Ndipo ngati banki imatumiza nambala zachinsinsi ku simu ya ku Britain imene inasiya kugwira ntchito, ngakhale kuletsa Direct Debit pa apu kudzavuta, ndiye foni imeneyi ndi yoimba sabata ziwiri kapena zitatu musanakwere ndege, adiresi ndi simu zikadali zanu.